Mchenga wanga wachuluka, mchere wachepa, ndalakwitsa pati?

Chikondi: Madzulo abwino nonse. Ndithandizeni chonde mutu waima. Lero kusukulu tinali ndi pulakitiko ya kemisitiri yokonzekera MSCE, anatipatsa kapepala ka mchenga wosakaniza ndi mchere magiramu 10 kuti tilekanitse. Ine ndathira madzi mamililita 20 mu bika, kutakasa, kusefa pa fyuluta pepa, madzi odonthawo ndikuwaphwetsa pamoto. Popima pa sikelo mchenga wakwana 7.1 mchere 2.6. Kenako aphunzitsi akutiuza kuti iwo anasakaniza mchenga 6 mchere 4. Ndiye mchenga wanga wachuluka bwanji poti sindinaonjezere, nanga mchere wina wapita kuti? Komanso pa pepala la dzulo ndinaluza mamalikisi pa funso loti ungapeze bwanji madzi abwino kuchokera mmadzi amchere, ndinalemba ivaporeshoni andichonga kuti ndalakwa. Njira zinayi zolekanitsira zinthuzi, kusefa, ivaporeshoni, distileshoni ndi kromatogalafe, zimandisokoneza zedi, sindidziwa kuti iyi ndiigwiritse liti iyi liti

Yankho: Madzi anachepa amenewo sisi. 20 ndi timadzi tochepa kwambiri, mchere wina sunasungunuke unatsalira mu mchenga, nchifukwa chake mchenga walemera. Ukanathira madzi otentha ambiri bwenzi zonse zili bho

Mphatso: Ifenso gulu lathu zinatero, mchere tinapeza 2.9. Ndikudikira nawo yankho

Madamu Mbewe: Chikondi wachita bwino kubweretsa manambala ako enieni, tiyeni tiyambire pomwepo. Yankho wanena zoona kuti mchere wosowawo uli mu mchenga, koma chifukwa chake si kuchepa kwa madzi ayi. Madzi mamililita 100 osatenthetsa amatha kusungunula mchere pafupifupi magiramu 36, ndiye mamililita 20 angathe kunyamula magiramu 7 ndithu, pamene iwe unali ndi 4 okha. Madziwo anali okwanira bola ngati unatakasa mokwanira. Ndipo za madzi otenthazo, mchere wa mndiwo ndi wamakani, ngakhale madzi owira amangofika cha pa 39, kutentha kumangothandiza kuti usungunuke msanga osati wambiri. Ndikufunse kaye, utamaliza kusefa mchenga uli pa pepala paja, unathirapo madzi ena oyera pamwamba pake?

Chikondi: Ayi madamu, madzi atangosiya kudontha ndinachotsa pepalalo ndikuliyanika pawindo, nthawi inali itatha

Madamu Mbewe: Ndi pamenepo. Taganiza, magiramu 4 a mchere ali mmadzi mamililita 20, ndiye kuti mililita iliyonse yanyamula 0.2. Madzi akasiya kudontha sikuti atha, mchenga uja ndi wonyowa, pepala nalo ndi lonyowa, ndipo chanyowetsacho si madzi wamba koma madzi amchere omwe aja. Tingoyerekeza kuti munatsalira mamililita 4, umenewo ndi mchere 0.8 wakhalira pa mchenga. Ukayanika madzi amachoka koma mchere uja sumapita kulikonse, umauma pomwepo ndikupimidwa ngati mchenga. 6 kuphatikiza 0.8 tafika kale 6.8, kotsalako ndi chinyezi chifukwa pawindo kwa mphindi zochepa mchenga suuma. Ndiye ukasefa uzithira timadzi toyera pang'ono pa mchengawo, kudikira tidonthe, kuthiranso kachiwiri, ngakhale kachitatu, ndipo timadzi totsukuluzirato tizigwera mu chotengera chomwe chija, usataye. Bika yomwe unatakasiramo nayonso uitsukuluze ndikuthira pa fanelo pomwepo. Kuthira pang'onopang'ono katatu kumachotsa mchere wambiri kusiyana ndi kukhuthulira madzi onsewo kamodzi.

Dalitso: Ndionjezereko za kuuma kwa mchenga, ine ndimagwira ntchito mu labu ndiye izi ndi za tsiku ndi tsiku. Maso amanama, mchenga umaoneka wouma pamwamba mkati muli madzi. Njira yake ndi kuumitsa, kusiya uzizire, kupima, kuumitsanso kwa mphindi zingapo, kupimanso. Nambala ikasiya kutsika ndiye kuti wauma. Ikatsika ngakhale ndi 0.1 bwerezanso. Koma Chikondi masamu ako sanathe, 2.6 ndi 0.8 ndi 3.4, pakusowabe 0.6. Pophwetsa paja chinachitika ndi chani kumapeto?

Chikondi: Eee kumapeto kunali kuthetheka achimwene, timchere timadumpha mu kambale kaja ngati mbuliwuli, tina tinandigwera pamkono ndipo pa benchi panali mbuu

Dalitso: Ndi 0.6 wako ameneyo ali pa benchipo. Madzi akatsala pang'ono mchere umapanga kachikhungu pamwamba, nthunzi ya pansi imasowa potulukira ndiye imaphulitsa. Ukaona zayamba kulimba ngati phala chepetsa moto kapena zimitsa kumene, kambaleko kamakhala kotenthabe kamamaliza kokha. Kapena usanjike kambaleko pamwamba pa bika ya madzi owira kuti kazitenthedwa ndi nthunzi, zimachedwa koma sutaya kanthu. Ndipo muzivala magalasi aja anthuni, kamchere kotentha mmaso si masewera

Yankho: Ok ndamva za 36 zija sindimadziwa. Koma ine ndinaonapo mchere wa miyala uja utatsalira pansi pa bika osasungunuka

Madamu Mbewe: Zimachitika ndithu Yankho, makamaka mchere wa miyala ngati munthu watakasa kawiri katatu ndikuthamangira kusefa. Pamenepo vuto ndi changu osati madzi. Kutsukuluza kuja kumapulumutsanso zimenezo. Tsopano funso lako lachiwiri Chikondi. Ine ana anga ndimawauza kuti asayambe ndi kuloweza maina a njira, ayambe ndi kufunsa chosakanizacho mafunso awiri. Loyamba, chinthu chili mmadzicho chasungunuka kapena chikungoyandama kapena kukhala pansi? Ngati sichinasungunuke ngati mchenga, choko, makala osinja, sefa basi. Ngati chasungunuka fyuluta pepa ilibe nacho ntchito, chidutsa limodzi ndi madzi. Ndiye umafunsa lachiwiri, ndikufuna kutsala ndi chani mmanja? Ukafuna mchere, phwetsa madzi apite mumlengalenga. Ukafuna madziwo, sungawalole kuthawa, uyenera kuigwira nthunziyo ndikuiziziritsa ibwerere kukhala madzi, imeneyo ndiye distileshoni. Iwe funso linafuna madzi, iwe ndikupereka njira yotaya madzi. Chosakaniza ndi chimodzi chomwecho, madzi amchere, koma yankho limasintha ndi mawu amodzi a mufunso.

Chikondi: Aaa ndiye ndimangoona mawu oti madzi amchere ndikuthamangira ivaporeshoni osawerenga chomwe akufuna. Zandilowa tsopano

Anaphiri: Pepani ndilowerere ine kholo, ndimatsatira chifukwa cha mwana wanga wa fomu 3. Zomwe mukunenazi ndikuona ngati ndi zomwe timachita kuno ku Bangwe tikamatcheza chidulo cha therere. Timatentha zitsononkho, phulusalo timaika mu kachitini koboola pansi, ena amayala kaudzu kapena kansanza, ndikuthira madzi pamwamba, pansi pamadontha madzi ofiirira aja. Ndiye poti timati kutcheza, ndipo kachasunso amati kutcheza, ndiye kuti chidulo ndi distileshoni yomwe mukunenayo eti madamu?

Madamu Mbewe: Mayi mwafunsa funso labwino kwambiri ndipo ana ambiri amagwera pomwepo chifukwa Chichewa chathu mawu ndi amodzi. Zonse ziwiri zimadontha ndiye tinangoti kutcheza. Koma yang'anani chomwe chikuchitika madzi asanadonthe. Pa chidulo madzi amadutsa mu phulusa ali madzi, amasungunula zomwe zingasungunuke ndikutsika nazo, phulusa losasungunuka limatsala mu chitini. Kumeneko ndi kusefa, chimodzimodzi mchenga ndi mchere wa Chikondi, chitini chanu ndi fanelo, kansanza ndi fyuluta pepa. Pa kachasu madzi amayamba asanduka nthunzi pamoto, nthunziyo imadutsa mu mpaipi wozizira ndikubwerera kukhala madzi. Ndiye mayeso ake ndi osavuta, ngati chodonthacho sichinakhalepo nthunzi panjira, si distileshoni. Ndipo onani kusiyana kwa zotsatira zake, chidulo chimadontha chitanyamula zosungunuka zonse, ndicho mumachifunira, pamene pa distileshoni mchere ndi zina zosauluka zimatsala mu mphika.

Anaphiri: Zikomo madamu. Ndiye ndikanati ndiwiritse chidulocho mpaka chiphwe ndingatsale ndi kaufa pansi pa poto?

Madamu Mbewe: Eya mutsala ndi kaufa kotuwa, ndi zomwe zinasungunuka kuchokera mu phulusa, zambiri mwa izo ndi potaziyamu kaboneti, ndi amene amafewetsa ndiwo ngati soda. Mwapanga njira ziwiri motsatana pamenepo, kusefa kenako kuphwetsa. Mwana wanuyo mumuonetse zimenezi kukhitchini sadzaiwala.

Bambo a Tadala: Moni nonse. Ine nkhani ya mayeso sindili nayo koma mwandikhudza pa madzi amchere. Kumudzi kwathu ku Chikwawa mjigo wapafupi madzi ake ndi amchere moti tiyi sakoma, sopo sachita thovu. Mayi anga ndinawagulira fyuluta ya ndowa ziwiri ija mu Limbe ndalama zambiri ndithu, madzi akutuluka oyera mbee koma mchere uli pomwepo. Ndinawauza aziwiritsa kaye, akuti ndiye ukuchita kuwawa kuposa kale. Kodi anandigulitsa fyuluta yabodza kapena ndigule ina ya timabowo ting'onoting'ono?

Mphatso: Mwina muike nsalu ziwiri kapena zitatu bambo, kapena mchenga ndi makala ngati zija tinaphunzira ku pulayimale

Dalitso: Ayi Mphatso olo nsalu khumi. Bambo fyuluta yanuyo mwina ilibe vuto, ikugwira ntchito yomwe anaipangira, kuchotsa matope ndi zinyalala. Mchere ukasungunuka umagawikana kukhala tinthu tating'ono zedi tofanana msinkhu ndi timadzi tomwe, ndiye bowo lililonse lomwe madzi angadutse pa nsalu, pa pepala kapena pa fyuluta ya dongo, mcherenso udutsa. Zowiritsazo mayi akunena zoona, mukawiritsa ndi madzi amene akuchoka, mchere ukutsala wonse mmadzi ochepa ndiye ukuwawa kwambiri. Pa njira zinayi zomwe tikukambazi yochotsa mchere ndikukusiyirani madzi ndi distileshoni yokha. Kuli makina ena okankha madzi ndi mphamvu pa kachikopa kapadera koma amenewo ndi nkhani ina ndipo ndi odula

Bambo a Tadala: Ndiye distileshoniyo pakhomo ingatheke? Poti zida za mu labu kumudzi kulibe

Dalitso: Kutheka itheka, poto wamkulu, mkati muike kambale kopanda kanthu pa kachinthu kokweza kuti madzi owira asagaviremo, chivundikiro muchitembenuze chagada ndikuthira madzi ozizira pamwamba pake. Nthunzi ikagunda chivundikiro chozizira imasanduka madontho, amatsetserekera pakati ndikugwera mu kambale. Madzi a pamwambawo akatentha muzisintha. Mukalawa a mu kambale mupeza mchere mulibe. Koma ndikuuzeni zoona bambo, makala ake ndi ambiri. Kusandutsa lita imodzi kukhala nthunzi kumadya moto woposa pafupifupi kasanu ndi kawiri moto wongoifikitsa powira. Ndiye madzi akumwa banja lonse tsiku ndi tsiku simungakwanitse, thumba la makala lingathe ngati masewera. Kukolola madzi a mvula padenga kapena kutunga kumjigo wina kungakhale kwanzeru

Bambo a Tadala: Hmm ndamva. Mjigo wina uli kutali ndithu ndipo mayi ndi okalamba, ndiona kuti ndichita bwanji. Koma bola ndadziwa kuti ndisaonongenso ndalama pa fyuluta ina

Madamu Mbewe: Ndipo pomwepa ndichenjeze ana asukulu, madzi kuoneka oyera mutasefa sikuti ndi abwino kumwa. Nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 ambiri kuno tinkatunga madzi amatope, ine ndinayesa kusefa ena pa fyuluta pepa ya kusukulu, anatuluka otuwabe chifukwa dongo losalala kwambiri limadutsa pa timabowo ta pepala, ndipo tizilombo toyambitsa kolera natonso timadutsa. Kusefa kumachotsa zooneka, kupha tizilombo ndi kuwiritsa kapena klorini. Pa mayeso akafunsa madzi opanda chilichonse chosungunukamo musalembe kusefa.

Yankho: Madamu pa distileshoni pomwepo, ine ndimadziwa kuti themomita imayenera kulowa mmadzi owirawo kuti tione ngati afika 100. Koma pa chithunzi cha mu notsi ili mmwamba, ndimaona ngati wojambula analakwitsa

Madamu Mbewe: Sanalakwitse. Kamutu ka themomita kamakhala pakhosi pa fulasiki, moyang'anizana ndi pomwe kampaipi kopita ku kondensa kayambira. Chomwe tikufuna kudziwa ndi kutentha kwa nthunzi yomwe ikutuluka, chifukwa ndi imeneyo ikukagwera mu chotengera chathu. Madzi amchere a mu fulasiki amawira pamwamba pang'ono kuposa madzi oyera, ndipo akamaphwa mchere ukamachuluka nambalayo imakwerabe, ndiye ukaviika themomita mmenemo sikuuza chilichonse za zomwe ukutolera. Ikakhala pakhosi nambala imakwera ndikuima malo amodzi, ikaima choncho umadziwa kuti chikudutsa ndi chinthu chimodzi. Kwinako komwe ana amataya mamalikisi ndi mipaipi ya kondensa, madzi ozizira amalowera kumunsi ndikutulukira kumtunda, kuti chikwama chakunjacho chidzaze chonse. Ukalowetsera kumtunda amangotsetsereka pansi pake mbali ya pamwamba ndikukhala youma, ndiye umaona nthunzi ikutuluka kumapeto mmalo mwa madontho.

Dalitso: Ndipo musadabwe themomita ikaima pa 96 kapena 97 osafika 100. Blantyre ili pamtunda, mamita pafupifupi 1000 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya sukanikiza kwambiri ndiye madzi amawira msanga. 100 uja ndi wa mmphepete mwa nyanja yamchere. Ndaonapo ana akuonjezera moto kufuna kuikakamiza ifike 100, zotsatira zake madzi amchere amangogavira mu kondensa zonse ndikuonongeka. Muziikamonso timiyala tija toletsa kubwatamuka musanayatse moto, osati madzi atatentha kale

Mphatso: Ndiye pa pulakitiko ndikaona 97 ndilembe 97 kapena 100? Ndikuopa ochonga angaone ngati ndalakwitsa

Dalitso: Lemba chomwe waona. Kulemba 100 pomwe themomita ikuti 97 ndi kunama, mu labu munthu amachotsedwa ntchito ndi zimenezo

Yankho: Koma achimwene mayeso si labu, ochonga ali ndi pepala la mayankho, ngati palembedwa 100 iwe 97 akudula basi

Madamu Mbewe: Funso la pa pepala lofunsa kuti madzi oyera amawira pa madigiri angati, lembani 100. Pomwe akuti lembani zomwe mwawerenga pa chida chanu, lembani zomwe mwawerenga, ndipo ngati pali malo onjezerani kuti kuno ndi kumtunda. Ine ndimaphunzitsa choncho.

Yankho: Ine ndikadakayikabe koma chabwino. Nanga kachasu uja, poti amatcheza ndi mpaipi umodzi basi ndipo mowa umatuluka, ndiye kuti funso la kulekanitsa ethano ndi madzi yankho ndi distileshoni wamba yomweyi eti

Madamu Mbewe: Apa wagwira theka. Ethano amawira pa 78 madzi pa 100, kusiyana kwake ndi kochepa, ndiye nthunzi yomwe ikukwera imakhala ya zonse ziwiri, kungoti ethano amachulukirapo poyamba. Nchifukwa chake botolo loyamba limakhala laukali, otsatirawo amanka nachepa mphamvu mpaka kumangotuluka madzi. Kumeneko ndi kuonjezera ukali osati kulekanitsa. Distileshoni wamba imagwira bwino pomwe chinacho sichiuluka konse, ngati mchere, kapena pomwe kuwira kwa ziwirizo kwatalikirana kwambiri. Zamadzimadzi ziwiri zosakanikirana zowira moyandikana zimafuna fulakishono distileshoni, ija ya kolamu. Pa mayeso ethano ndi madzi lemba imeneyo.

Chikondi: Madamu ndabwerera ku ivaporeshoni pang'ono. Ndiye chilichonse chosungunuka ndikachifuna ndingowiritsa mpaka madzi athe? Shuga bwanji?

Madamu Mbewe: Ayi, ndipo wachita bwino kufunsa. Mchere wa mndiwo umapirira moto nchifukwa chake timauphwetsa mpaka gwaa. Shuga ukamuchita zimenezo amasanduka wofiirira, kenako wakuda ndikununkha kupserera, sumupezanso. Kopa safeti wa buluu uja ukamuumitsa pamoto amataya madzi a mkati mwa timiyala take ndikusanduka ufa woyera. Zoterezi umawiritsa pang'ono kuti madzi achepe, mwina atsale theka kapena kuchepera apo, ndikuviika kandodo kagalasi ndikukatulutsa, ukaona timiyala tikupangika pa kandodoko kakamazizira, zimitsa moto, siya zizizire zokha osagwedeza. Mawa lake upeza timiyala tokongola pansi, ndiye umasefa ndikupukuta pakati pa mafyuluta pepa awiri.

Mphatso: Kromatogalafe ndiye sitinaikhudze. Ine yanga sinatheke sabata yatha, ndinaika kadontho ka inki ya bolopeni yakuda, madzi anakwera mpaka pamwamba kadontho kali pomwepo osasuntha. Mnzanga wa pambali yake inki yonse inathera mmadzi a mu bika pepala ndikutsala loyera

Dalitso: Mavuto awiri osiyana amenewo. Yako Mphatso, inki ya bolopeni sisungunuka mmadzi, ndiye madzi amangoidutsa. Inki imayenda pokhapokha ngati chomwe chikukwera pa pepalacho chikutha kuisungunula. Yesa ndi ethano kapena sipiriti uona ikutambasuka, kapena ngati uli ndi madzi okha gwiritsa ntchito timapeni ta ana tojambulira tija tomwe timachoka ukachapa, takuda ndi tabulawuni ndiye timaonetsa mitundu bwino. Mnzakoyo madzi anali pamwamba pa kadontho, kadonthoko kanamira ndiye inki inangosungunukira mu bika. Mzere uzikhala sentimita imodzi ndi theka kapena awiri kuchokera pansi pa pepala, madzi akhale osafika pa mzerewo. Mzere wake wa pensulo, chifukwa wa peni nawonso umayenda ndikusokoneza zonse

Yankho: Ndiye inki ikangotchulidwa mufunso yankho ndi kromatogalafe basi, imeneyo ndiye ndimaidziwa

Madamu Mbewe: Samala Yankho, ndi msampha womwe unagwira Chikondi pa madzi amchere. Funso likati pezani madzi oyera kuchokera mu inki, yankho ndi distileshoni, utoto umatsala mu fulasiki madzi oyera ndikudontha. Likati onetsani kuti inki yakuda ili ndi mitundu ingati ya utoto, kapena kuti peni iti inalemba kalata iyi, ndiye kromatogalafe. Chifukwa chake nchakuti mitundu ya utotoyo yonse yasungunuka mmadzi amodzi, kusefa idutsa yonse, kuphwetsa itsala yonse pamodzi, distileshoninso itsala yonse pamodzi mu fulasiki. Njira zitatu zija zimalekanitsa madzi ndi zomwe zili mmadzimo, koma sizingasiyanitse zosungunuka zokhazokha. Pepala ndi lomwe limatha, poti utoto wina umakakamira pepala ndikutsalira mmunsi, wina umakonda madzi ndikuthamanga nawo mmwamba. Komanso dziwani kuti imeneyi ndi njira yofufuzira, ya kadontho kamodzi, simungaigwiritse ntchito kuti mupeze utoto wodzaza supuni.

Chikondi: Ndayesa pompano madamu ndi kapeni kakuda ka mng'ono wanga, fyuluta pepa ndinatsala nayo ina ya kusukulu ndaidula kamzere, ndaika mu tambula. Madzi akwera masentimita 8 kuchokera pa mzere wa pensulo, ndachotsa ndikuchonga pomwe afika. Pamwamba pali buluu, pakati pake pali pa 6.8, kenako kofiirira ngati pinki cha pa 4, koma chikasu ndiye changopanga mchira wautali kuyambira pa 1 mpaka pafupifupi 3 sindikudziwa ndipime pati

Madamu Mbewe: Wachita bwino kuchonga msanga pomwe madzi afika, likauma pepala malirewo saonekanso. Rf ndi mtunda womwe utoto wayenda kugawa ndi mtunda womwe madzi ayenda, zonse kuyambira pa mzere wa pensulo osati pansi pa pepala. Buluu wako 6.8 kugawa ndi 8 ndi 0.85, pinki 4 kugawa ndi 8 ndi 0.5. Ilibe mayunitsi ndipo singapose 1, ukapeza yoposa 1 watembenuza manambala. Ndiye inki yakoyo ili ndi mitundu yosachepera itatu, ndikuti yosachepera chifukwa mitundu iwiri itha kuyenda mofanana ndikubisalirana. Mchira wa chikasuwo kawirikawiri ndi inki yochuluka, kadontho kanali kakakulu bwanji?

Chikondi: Ngati njere ya nandolo, ndinadinda kangapo kuti kaoneke bwino

Dalitso: Kachepetse kakhale ngati mutu wa phini, ukadinda siya kaume kaye usanadindenso pomwepo. Ndipo tambulayo uivundikire ndi sosala, pepala lisagunde mmbali mwa galasi. Koma ndisakulonjeze kuti mchira utheratu, utoto wina umakoka mchira ndithu ndi madzi okha olo kadontho kachepe bwanji, pena umafuna kusintha soventi, chamadzimadzi chokwera pa pepalacho

Madamu Mbewe: Ine ndikuganiza kuti ndi kuchuluka kwa inki basi, timapeni timeneto ndagwiritsa ntchito kambirimbiri mkalasi. Bwereza ndi kadontho kakang'ono utiuze.

Anaphiri: Mwana wanga akufunsa ngati pepala la mu kope lingagwire poti fyuluta pepa tilibe kuno

Dalitso: La mu kope ndi losalala madzi sakwera bwino mayi, tishu nayo imamwa mothamanga mitundu imangomwazika. Mmphepete moyera mwa nyuzipepala mumayesako pang'ono, koma akapemphe kachidutswa kamodzi kwa aphunzitsi ake, fyuluta pepa imodzi imatuluka timizere tinayi kapena tisanu

Chikondi: Ndabwereza ndi kadontho kakang'ono. Buluu ndi pinki zili malo omwe aja pafupifupi, chikasu mchira wafupika koma ulipobe, kuyambira 1.5 mpaka 2.5. Ndipime pakati pa 2 kapena ndiyesenso ndi sipiriti? Magetsi angozima kuno ku Ndirande ndikuunikira ndi foni, ndiona mayankho mmawa